Kalembedwe ka imelo yopempha abwana kuti akulipirireni kosi

Alamu anga amagwira ntchito yokonzakonza pa loji ina ku Senga Bay. Babu likapsa, mpope ukadontha, pampu ikakana kukoka madzi, amaitanidwa ndi iwowo. Tsiku lina anaona chidziwitso cha kosi ya masiku asanu yokonza mafiriji ku Lilongwe, mtima unadumpha, ndipo usiku womwewo analembera manijala wawo imelo. Mawu ake anali akuti: "Bwana, ndikupempha kuti kampani indithandize fizi ya kosi imeneyi kuti ndiwonjezere luso langa ndi kutukula moyo wanga. Mulungu akudalitseni." Panapita masabata atatu, yankho osabwera.

Anandipeza pa Kamuzu Road nkhope ili yakugwa, akuti abwanawo ndi ouma mtima. Ine ndinagwirapo zaka zingapo mu ofesi yoona za antchito, ndipo maimelo otere ndawawerenga ambirimbiri. Ndinawauza kuti, "Alamu, abwana anu sanakukanireni. Mwawapatsa chinthu chimene sangathe kuchiyankha." M'imelomo munalibe mtengo, munalibe masiku, munalibe amene atsale akuyang'ana mapampu, ndipo phindu lonse limene analitchula linali la iwo eni. Manijala nayenso ali ndi womuyang'anira. Akatulutsa ndalama, mwini loji kapena akauntanti amufunsa kuti zapita kuti ndipo zibwerera bwanji. Imelo yanu iyenera kumupatsa mawu okayankhira kumeneko.

Tinakhala pansi n'kuilembanso. Njira imene tinatsata ndi iyi.

Choyamba: pezani chimene chikuwawa abwana, musanatsegule foni

Gawo ili ndilo lalitali, ndipo ambiri amalilumpha. Funso loyamba si lakuti kosiyi indithandiza chiyani. Funso ndi lakuti, ndi vuto liti pano pantchito limene likudya ndalama kapena nthawi, limene ndikanalithetsa ndikanakhala ndi luso limeneli?

Kwa alamu anga yankho linali kukhitchini. Lojiyo ili ndi mafiriji akuluakulu osungira chambo, nyama ndi zakumwa. Firiji ikangosiya kuzizira, amaimbira mmisiri wa ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, ndipo mmisiriyo amalipiritsa mafuta a galimoto kuwonjezera pa ntchito yake. Nthawi zina amafika mawa lake, nthawi zina mkuja. Amene anakhalapo kunyanja kuno mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti nsomba sidikira mmisiri.

Koma kungonena kuti mafiriji amavutavuta sikokwanira. Ndinawatuma kwa akauntanti kuti akapemphe kuona malisiti a mmisiri uja a miyezi 12 yapitayo. Anapita mwaulemu, n'kufotokoza chifukwa chake, ndipo anawaonetsa. Manambala amene ndikupatseni pano ndawasalaza kuti masamu asavute, ndipo mitengo imasintha msanga masiku ano, choncho inu muike yanu. Mmisiri anabwera maulendo 7, ndipo ulendo uliwonse unkadya pafupifupi K150,000 ya mayendedwe ndi ntchito, osawerengera zipangizo zogula. Pa chaka ndi K1,050,000.

Kenako tinachita chinthu chimene chinapatsa imeloyo mphamvu. Tinawerenga lisiti lililonse kuti tione chimene chinali chitawonongeka. Pa maulendo 7 aja, asanu anali a tizinthu tating'ono: rilee yoyatsira kompuresa itapsa, kapasita yofooka, fani yoima, chowongolera kuzizira chosagwira, ndipo ulendo wina mmisiri anangopukuta fumbi limene linatseka mapaipi otulutsa kutentha kumbuyo kwa firiji. Tangoganizani, munthu kuchoka ku Lilongwe kudzapukuta fumbi. Maulendo awiri otsalawo anali aakulu, wina gasi atathawa, wina kompuresa itapseratu.

Ndiye ndalama imene alamu anga akanatha kupulumutsa si K1,050,000 yonse ayi. Ndi ya maulendo asanu aja, K750,000. Iwo ankafuna kulemba nambala yaikuluyo, ine ndinakana. Kosi ya masiku asanu siisandutsa munthu katswiri wosintha kompuresa, ndipo manijala amene wakhala zaka pa loji amadziwa zimenezi. Akakugwirani mukukokomeza pa nambala imodzi, manambala ena onse amawakayikira. Mukavomera nokha malire a zimene mudzathe, amakhulupirira zotsalazo.

Mwina ntchito yanu ilibe malisiti otere. Werengani nthawi ndi zolakwika m'malo mwake. Kalaliki wa kopaletivi ya mpunga ku Nkhotakota anganene kuti lipoti la pamwezi limamutengera masiku anayi chifukwa amawonkhetsa pamanja, ndipo kawiri labwezedwa chifukwa manambala sanagwirizane. Wosunga katundu anganene kuti powerengera katundu komaliza panapezeka kusiyana kwa matumba angapo. Chofunika n'chakuti vutolo likhale loti abwana akulidziwa kale, loti akaliwerenga agwedeze mutu.

Chachiwiri: fufuzani kosiyo ngati mukugula mbuzi pamsika

Safunsa anadya phula. Zidziwitso za makosi zimayenda zambiri pa WhatsApp, ndipo zina ndi za anthu amene achita lendi holo, akulankhulani masiku atatu, n'kukupatsani pepala lokongola lopanda ntchito. Musanaike dzina lanu pa pempho, imbani foni ndipo mufunse zinthu izi: ophunzitsawo analembetsedwa kuti, mudzaphunzira mitu iti tsiku ndi tsiku, mudzagwira zipangizo ndi manja kapena n'zongomvera, ndipo fiziyo ikuphatikiza chiyani. Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, ndipo masukulu a ukachenjede amavomerezedwa ndi NCHE. Akauntanti ali ndi bungwe lawo la ICAM, lomwe limafuna kuti mamembala ake azipitiriza kuphunzira. Ngati ophunzitsawo akudziwika ku bungwe loyenera ntchito yanu, chiganizo chimodzi chonena zimenezi chimachotsa nkhawa yaikulu kwa wolipira.

Pemphani kuti akutumizireni zikalata ziwiri: ndandanda wa mitu ya kosi, ndi kotesheni yolembedwa m'dzina la kampani yanu, yokhala ndi akaunti ya kubanki ya sukuluyo. Akakuuzani kuti fizi mutumize pa nambala ya foni ya munthu, imani kaye pomwepo. Akauntanti aliyense wosamala sangalipire choncho, ndipo ali ndi chifukwa.

Tengani ndandanda wa mituwo muuike pafupi ndi mavuto amene mwapeza aja. Alamu anga anapeza kuti masiku awiri oyambirira anali a magetsi a firiji, kuyeza rilee, kapasita ndi chowongolera kuzizira, zomwe zinali ndendende zimene zinali pa malisiti. Mitu ikapanda kukhudza vuto lanu, kosiyo si yoyenera kupempha, ngakhale muikonde bwanji. Funsaninso pafupi musanayang'ane kutali. Ku Senga Bay komweko kuli Salima Technical College, ndipo abwana angakufunseni ngati munayamba mwafunsako, popeza kosi ya pafupi ilibe za malo ogona. Alamu anafunsa, anapeza kuti pa nthawiyo masiku sanagwirizane ndi zimene ankafuna, ndipo anali ndi yankho m'thumba.

Chachitatu: mtengo wonse, osati fizi yokha

Apa ndi pamene maubale ambiri a pantchito amasokonekera. Munthu amalemba kuti kosi ndi K450,000, abwana n'kuvomera. Kwatsala masiku awiri kuti anyamuke, akubwera akukanda m'mutu kuti, "Bwana, nanga thiransipoti? Nanga kogona?" Abwana amaona ngati mwawatchera msampha, ndipo ulendo wina sadzakumverani.

Ife tinawerengera chonchi. Fizi K450,000. Minibasi kuchoka ku Senga Bay kudzera pa boma mpaka ku Lilongwe, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi timaulendo ta m'tauni, K40,000. Malo ogona usiku usanu, kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi, pa K35,000 usiku umodzi, K175,000. Chakudya cha masiku asanu pa K15,000, K75,000. Ndipo panali china chimene alamu anaiwala: mita yoyezera magetsi, imene lojiyo inalibe, K60,000. Munthu wobwera ku kosi wopanda chida ali ngati msodzi wopanda ukonde. Zonse pamodzi K800,000.

Tsopano masamu ake ndi osavuta. Kampani itulutsa K800,000 kamodzi, ndipo isiya kutulutsa pafupifupi K750,000 chaka chilichonse. Ndalamayo ibwerera pakatha chaka ndi mwezi umodzi. Chiganizo chimenechi ndicho mtima wa imelo yonse.

Mawu amodzi okhudza alawansi. Tonse tikudziwa mbiri imene mawokushopu ali nayo kuno kwathu, makamaka ife a ku Salima amene timaona magalimoto a mabungwe atandanda m'mahotela a kunyanja. Abwana ambiri akamva kuti kosi, chimene chimabwera m'mutu mwawo n'chakuti munthuyu akufuna alawansi. Ngati kampani yanu ili ndi mlingo wake wolembedwa, gwiritsani ntchito umenewo ndipo nenani kuti mwatsata mlingo wa kampani. Ngati ilibe, ikani mitengo yeniyeni ndipo lonjezani kubweretsa malisiti. Ngati muli ndi mbale ku Kawale kapena ku Area 25 woti mungakagoneko, kunena zimenezo kumatsitsa mtengo ndipo kumasonyeza kuti chimene mukufuna ndi maphunzirowo. Koma musalonjeze kukagona kwa achibale amene simunawafunse.

Pali khomo lina limene antchito ambiri salidziwa. Olemba ntchito m'Malawi muno amalipira msonkho wa TEVET, womwe ndi 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo amatolera ndi a MRA. TEVETA ili ndi ndondomeko yothandiza makampani olipira msonkhowu pa maphunziro a antchito. Funsani akauntanti ngati kampani yanu imalipira, ndipo ngati ndi choncho, ikani chiganizo chopempha kuti afunse ku TEVETA kosi isanayambe. Musalembe ngati kuti ndalamayo ibwezedwa ndithu. Ingotsegulani khomolo, eni ake alowe.

Chachinayi: nthawi, ndi amene atsale pamalo panu

Kupempha kuchoka pa loji ya kunyanja sabata ya Pasaka, ya Khirisimasi kapena ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene anthu amakhamukira ku Senga Bay, n'kudzikanira nokha. Chimodzimodzi wa kopaletivi ya mpunga nthawi yokolola ndi kugula, kapena wa kumunda wa nzimbe ku Dwangwa nyengo yodula ili pakati. Kosi ya alamu inkachitika kangapo pa chaka, ndipo tinasankha ya mu Juni, nthawi ya mwera, pamene kunja kwazizira ndipo mafiriji sakulimbana ndi kutentha. Ubwino wake wina ndi wakuti adzakhala atabwerako dzuwa la Okutobala lisanafike.

Dziwaninso nthawi imene bajeti ya kwanuko imakonzedwa. Chaka cha ndalama cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene makampani ndi mabungwe ali ndi zaka zawozawo. Pempho lofika bajeti isanatsekedwe limapeza malo. Lofika mochedwa limayankhidwa kuti ndalama kulibe, ndipo nthawi zambiri zimakhala zoona.

Za wogwirizira ntchito yanu, musalembe kuti anzanga adzandithandiza. Tchulani munthu mmodzi, ndipo mukhale mutagwirizana naye kale. Alamu anakambirana ndi mnyamata wowathandiza, n'kulemba papepala zoyenera kuchita tsiku lililonse pa pampu ndi pa jenereta.

Chachisanu: lankhulani kaye pakamwa

Kwathu kuno munthu wamkulu sumudzidzimutsa ndi kalata. Pezani mphindi ziwiri abwana ali okha, munene kuti, "Bwana, pali kosi ina yokhudza vuto la mafiriji lija. Ndingakutumizireni imelo kuti muione bwino?" Akati tumizani, imelo yanu ikafika imakhala mlendo woyembekezeredwa. Ndipo ngati pakati pa inu ndi manijala pali supavaiza, yambirani kwa iye. Kumulumpha n'kudzipangira mdani amene adzafunsidwe maganizo pa pempho lanu lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi: kulemba

M'maofesi ambiri maimelo amalembedwa m'Chingerezi, ndipo ngati kwanu n'choncho, lembani m'Chingerezi chosavuta. Mafupa a imelo sasintha ndi chilankhulo. Ya alamu inali ya Chichewa chifukwa ndi mmene amalemberana ndi manijala wawo.

Pa `To` ikani amene ali ndi mphamvu yovomera. Pa `Cc` ikani supavaiza, kapena a ofesi yoona za antchito ngati malamulo a kwanu amatero. Musaikepo mwini kampani pofuna kuopseza manijala. Pa `Subject` musalembe mawu amodzi akuti pempho, chifukwa abwana akaona zimenezo amaganiza kuti mukufuna ngongole. Mutuwo unene chinthu, nthawi ndi tsiku lofunika yankho. Imelo yonse inali yotere:

> Mutu: Pempho la kosi yokonza mafiriji mu Juni, yankho likufunika pofika pa 20 Meyi
>
> Zikomo bwana,
>
> Monga ndinakuuzirani Lachiwiri, ndikupempha kuti kampani indilole ndi kundilipirira kosi ya masiku asanu yokonza mafiriji, imene ichitike ku Lilongwe sabata yachiwiri ya Juni. Mtengo wonse ndi K800,000.
>
> Pa miyezi 12 yapitayi tinaitana mmisiri wa ku Lilongwe maulendo 7, pa mtengo wa pafupifupi K150,000 ulendo umodzi. Malinga ndi malisiti, maulendo asanu anali a mavuto ang'onoang'ono a magetsi ndi fumbi, omwe kosiyi ikuphunzitsa. Ndikadzatha kukonza amenewa ndekha, kampani izidzapulumutsa pafupifupi K750,000 pa chaka, ndipo firiji izidzakonzedwa tsiku lomwelo nsomba zisanawonongeke. Ndalama ya kosi ibwerera pakatha chaka ndi mwezi umodzi. Ntchito zazikulu monga kusintha kompuresa tidzafunabe mmisiri.
>
> Mtengowu uli motere: fizi K450,000, mayendedwe K40,000, malo ogona K175,000, chakudya K75,000, mita yoyezera magetsi K60,000. Mitayo idzakhala ya kampani, ndipo ndidzabweretsa malisiti a zonse. Ngati kampani imalipira msonkho wa TEVET, akauntanti angafunse ku TEVETA ngati pali thandizo.
>
> Sabata imeneyo wondithandiza wavomera kuyang'anira pampu ndi jenereta, ndipo ndidzamusiyira ndandanda wa ntchito. Foni yanga idzakhala yotsegula madzulo aliwonse. Ndikadzabwerako ndidzakonza ndandanda woyendera mafiriji onse mwezi ndi mwezi, komanso ndidzaonetsa anzathu a kukhitchini zizindikiro zoti firiji yayamba kudwala. Ndili wokonzeka kusaina pangano lokhalabe pa kampani kwa miyezi 12 kosi ikatha.
>
> Ndaphatikiza ndandanda wa mitu ya kosi ndi kotesheni. Kulembetsa kutsekedwa pa 25 Meyi, choncho ndipempha yankho lanu pofika pa 20 Meyi kuti akauntanti akhale ndi nthawi yolipira.
>
> Ndine wanu pantchito,
> dzina, udindo ndi nambala ya foni

Taonani zinthu zingapo m'menemo. Pempho ndi mtengo zili m'ndime yoyamba. Ife Amalawi timakonda kuzungulira, kufunsa za kunyumba, kupepesa chifukwa chosokoneza, kenako n'kufika pa nkhani. Pakamwa zimenezo n'zabwino, koma manijala amawerenga imelo pafoni ali chiimire pakati pa alendo, ndipo amaona mizere itatu yoyamba yokha. Ulemu uli m'mawu akuti bwana ndi ndikupempha. Sufunika ndime yakeyake.

Taonaninso kuti mawu akuti setifiketi mulibemo, ngakhale kuti alamu adzalandira ndipo akuifuna. Kwa wolemba ntchito, setifiketi ndi chinthu chimene mudzachoke nacho. Mulibemonso zakuti ndagwira ntchito mokhulupirika zaka zisanu ndi chimodzi osapatsidwa kanthu, kapena zakuti mnzathu uja munamutumiza chaka chatha. Mwina n'zoona, koma zimasandutsa pempho kukhala dandaulo, ndipo munthu akamadandaulidwa amayamba kudziteteza m'malo mowerenga manambala. Za kukwezedwa malipiro zisiyeni, zili ndi tsiku lake.

Nsomba zowonongeka tinazitchula popanda nambala. Alamu ankakumbukira tsiku limene chambo chambiri chinatayidwa, koma panalibe pepala losonyeza mtengo wake. Manijala ankalikumbukiranso tsikulo kuposa ife, choncho mawu ochepa aja anakwanira.

Tsiku la yankho tinaliika masiku asanu kulembetsa kusanatsekedwe. Abwana akavomera, ndalama siituluka nthawi yomweyo. Pamafunika kulemba vocha, ena asaine, ndipo wosaina wachiwiri amapezeka kuti wapita kumaliro ku Khombedza.

Za pangano lokhalabe pantchito

Mantha aakulu a wolemba ntchito sawanena poyera: ndimuphunzitsa, kenako apita ku hotela ya pafupi. Mukayamba ndinu kutchula za bondi, mwayankha funso limene anali nalo mumtima. Koma walira mvula walira matope. Musalembe chiganizo chimenechi ngati mukudziwa kuti makalata anu ofunsira ntchito ali kale kwina.

Pangano likabwera, liwerengeni musanasaine, ndipo muyang'ane zinthu zitatu. Nthawi yake igwirizane ndi kukula kwa ndalama: kosi ya sabata imodzi siyoyenera kukumangani zaka zitatu. Ndalama yobweza izichepa miyezi ikamapita. Pa K800,000 ndi miyezi 12, munthu wochoka patatha miyezi 9 abweze gawo limodzi mwa magawo anayi, K200,000, osati yonse. Ndipo palembedwe kuti ngati ndi kampani imene yakuchotsani chifukwa ntchito yachepa, simubweza kanthu. Mutenge kope yanu yosainidwa mukasunge kunyumba.

Musanadine `Send`

Zikalata zikhale PDF, osati zithunzi zojambula pa foni ya mnzanu zooneka mwachimbuuzi, ndipo muzipatse maina omveka. Tsegulani imeloyo muone ngati zalowadi, chifukwa netiweki ya kunyanja imatha kudula chikalata chisanamalize kukwera. Wonkhetsaninso manambala ndi kakyuleta. Imelo yonena za kupulumutsa ndalama ikakhala ndi masamu olakwika imaseketsa. Iwerengeni mokweza kamodzi, ndipo ngati kampani inakupatsani adiresi ya imelo, tumizirani pa imeneyo.

Tumizani m'mawa wa tsiku la ntchito, Lachiwiri kapena Lachitatu. Lachisanu madzulo pa loji ndi nthawi yolandira alendo, ndipo imelo yanu idzakwiririka. Ngati mwalemba usiku chifukwa ndi pamene bandulo imatsika mtengo, mu Gmail muli `Schedule send`, imene imasunga imelo n'kuitumiza pa ola limene mwasankha.

Yankho likachedwa, kapena likabwera lokana

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakapita masiku anayi kapena asanu a ntchito, dinani `Reply` pa imelo yanu yomwe ija kuti zonse zikhale pamodzi, n'kulemba mizere iwiri: "Bwana, ndimati ndikukumbutseni za pempho ili m'munsimu, popeza kulembetsa kutsekedwa pa 25 Meyi. Ngati pali china chofunika kuti ndifotokoze, ndili okonzeka." Kamodzi n'kokwanira. Kupitirira apo, kaonaneni nawo maso ndi maso.

Kukana kuli mitundu, ndipo muyenera kumva kuti ndi kuti. Akati ndalama palibe, funsani ngati pempholo lingalowe mu bajeti ikubwerayo, kapena perekani njira yogawana: kampani ilipire fizi ndi chida, inu muone za kogona. Akati nthawi si yabwino, funsani mwezi umene angakuloleni ndipo mubwere ndi masiku a kosi yotsatira. Akati sakuona phindu lake, ndiye kuti vuto limene munasankha silikuwawawa, ndipo muyenera kubwerera ku gawo loyamba lija. Akangoti tiona, funsani mwaulemu tsiku loti mudzabwerenso, chifukwa tiona wopanda tsiku ndi ayi wovala jekete.

Chilolezo cha pakamwa musanyamuke nacho. Abwana akakuuzani pakhonde kuti pitani, bwererani pafoni mulembe kuti, "Zikomo bwana povomera pempho langa la kosi ya mu Juni pa mtengo wa K800,000. Ndikupereka kotesheni kwa akauntanti lero." Pamenepo ikani akauntanti pa `Cc`. Funsaninso kuti zilembedwe kuti masiku asanuwo ndi a ntchito, kuti asadzachotsedwe pa tchuthi chanu cha pachaka.

Kwa alamu anga yankho linabwera patatha masiku atatu, ndipo silinali inde wathunthu. Manijala anavomera fizi, mayendedwe ndi mita, zomwe ndi K550,000, koma anati za kogona ndi chakudya bajeti siilola. Alamu anaimbira mphwawo wa ku Kawale, anagona kumeneko sabata yonse, ndipo pa bondi anapempha kuti ndalama yolembedwapo ikhale K550,000 imene kampani inatulutsadi, osati K800,000 ya m'imelo yoyamba. Akauntanti anakonza nambalayo asanasaine. Atabwerako analemba lipoti la tsamba limodzi, n'kumata ndandanda woyendera mafiriji kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, ndipo m'kabuku kawo amalemba tsiku, firiji ndi vuto lililonse limene akonza okha, pamodzi ndi K150,000 imene ikanapita ku Lilongwe. Akuti kabukuko adzakaphatikiza pa imelo yopempha kosi ya mapampu a sola.